Telala watumiza chithunzi cha diresi: muyang'ane chiyani musanalipire balansi

Sabata siitha ndisanalandire uthenga wa mtundu umodzimodzi pafoni yanga. Zithunzi ziwiri, china cha sitayilo yomwe munthu anaoda, china cha diresi yomwe telala wasoka, kenako funso: "Asisi, tandiuzani zoona, iyi ndi yomwe ija?" Ine ndimasoka kuno ku Joni, ndipo ntchito yambiri yomwe imandipeza ndi yokonza madiresi osokedwa kumudzi omwe atsika basi pa Park Station mwiniwake n'kupeza kuti zipi sikutseka.

Nthawi yoweruza diresi ndi pamene idakali m'manja mwa telala. Ikangokwera basi n'kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, siibwereranso, ndipo zidutswa za chitenje zomwe zikanathandiza pokonza zimatsala komweko pansi pa makina. Koma chithunzi sichikhulupirika pa zonse. Pa mtundu wa nsalu ndi kutalika kwa diresi chimanama kwambiri. Pa makwinya, misoko ndi momwe maluwa a chitenje akumanirana sichitha kubisa kanthu. Ambiri amakangana ndi telala pa zoyambazo, zachiwirizo osaziona n'komwe.

Yambani mwapempha zithunzi zoyenera

Chithunzi chimodzi cha diresi ili pahang'ala, chojambulidwa usiku m'shopu, musagamule nacho chilichonse. Pemphani izi:

- Kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, diresi itasitidwa, itavalidwa ndi munthu kapena chidole, zipi itatsekedwa mpaka pamwamba.
- Diresi itagonekedwa patebulo, tepi itayalidwa kuchoka m'khwapa mpaka m'khwapa, kenako m'chiuno, kenako m'mahipi, manambala akuoneka.
- Diresi itatembenuzidwa, kuti muone m'kati.

Ajambule masana, pamthunzi, foni ili pa 1x osati 0.5x, wojambula ataima patali pang'ono ndipo foni ili pamlingo wa m'chiuno. Potumiza pa WhatsApp asankhe HD kapena atumize ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa, ndipo mukachikulitsa kuti muone ulusi mumangoona utsi.

Chizindikiro 1: mtundu wasiyana ndi womwe ndinasankha

Ili ndi dandaulo lofika kawirikawiri, komanso ndi lomwe nthawi zambiri limakhala lopanda mlandu. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri:

1. Kuwala. Babu lachikasu limasandutsa buluu kukhala ngati wotuwa, ndipo zofiira zimapita ku olenji. Uzani telala aike pepala loyera pambali pa diresi n'kujambulanso panja. Pepalalo likaoneka lachikasu, chithunzi chonse n'chachikasu.
2. Foni yanu yomwe. Ngati mwayatsa Night Shift kapena Eye comfort shield, zomwe zimachititsa galasi la foni kuoneka lachikasu, zimitsani kaye.
3. Chithunzi cha sitayilo chinakometseredwa musanachipeze. Mtundu wowala ngati umenewo mwina kulibe pansalu iliyonse.
4. Telala wasinthadi nsalu. Izi zimachitika koma si kawirikawiri. Ngati nsalu munagula nokha, yerekezani maluwa osati mtundu, ndipo pemphani chithunzi cha malemba a m'mphepete mwa nsaluyo.

Funso lina limene ndimaseka nalo: "Siliti ndinati ikhale kumanzere, aika kumanja." Onani kaye ngati chithunzicho sichinajambulidwe pagalasi. Kalendala ya pakhoma ikamawerengeka chobwerera, siliti ili pomwe munanena.

Chizindikiro 2: yaoneka yaifupi, yaitali, kapena chiuno chili polakwika

1. Poima wojambula. Akajambula ataimirira pafupi, foni ikuyang'ana pansi, mapewa amakula ndipo siketi imafupika. Akagwada, miyendo imatalika. Chithunzi chotero chitayeni, pemphani china.
2. Wovala si msinkhu wanu. Telala amangoitana mtsikana amene ali pafupi, ndipo chidole chilibe miyendo. Komanso mayi wa pachithunzi cha sitayilo anavala nsapato za gogoda, mwina ndi wamtali kukuposani.
3. Muyeso wochoka paphewa kufika m'chiuno sunatumizidwe, telala anangoganizira. Anthu ambiri amatumiza chifuwa, chiuno, mahipi ndi kutalika, uwu n'kuiwala.
4. Nsalu inachepa, telala anadula kutalika osanena.

Pano musadalire maso. Tengani rula, muike pagalasi la foni. Kulitsani zithunzi zonse ziwiri mpaka diresi, kuchoka paphewa kufika pansi, ikhale yofanana kutalika, tinene masentimita 12. Ndiye yesani pomwe pali msoko wa m'chiuno ndi pomwe fuleya, kutambasuka kwa siketi, ikuyambira. Ngati pasitayilo fuleya ya memeidi ikuyamba pa 8 koma pa ya telala ikuyamba pa 9 ndi theka, yatsika kwambiri, ikagwira pansi pa mawondo ndipo poperekera perekaniperekani muzidzayenda ngati mwamangidwa chingwe. Kutalika kwenikweni kokha, funsani tepi, muyerekeze ndi thupi lanu mutavala nsapato zomwe mudzavale tsikulo.

Diresi yaitali ndi nkhani ya ola limodzi. Yaifupi imakonzeka pokhapokha ngati popinda pansi anasiya nsalu, kapena mukavomera kuti aonjezere bandi ya nsalu ina.

Chizindikiro 3: sitayilo ndi yomweyo koma diresi yagwa, siikuima

Manja omwe pachithunzi anatukumuka ali lende, pepulamu yagona pamimba, siketi yomwe imayenera kutambasuka yangotsika ngati chikwama cha ufa.

1. Mulibe zolimbitsa. Manja otukumuka amaima chifukwa m'kati muli neti kapena sitifu, ndipo m'munsi mwa siketi yozungulira mumasokeredwa kilinolini. Pachithunzi cha sitayilo izi sizioneka, choncho ngati simunazitchule ndi kuzilipira, telala ambiri saika. Chithunzi cha m'kati chikuuzani. Kuonjezera n'kosavuta diresi idakali kwa iye.
2. Nsalu inaperewera. Mpukutu wa chitenje wa mayadi 6 ndi mamita 5 ndi theka. Chitenje chimodzi cha mamita 2 sichingatulutse siketi yozungulira yofika pansi, zivute zitani. Shweshwe yomwe timagula kuno ndiye ndi yopapatiza, masentimita 90 okha m'lifupi, moti imafuna mamita ochulukirapo kuposa chitenje pa sitayilo yomweyo. Fuleya yochepa siikonzeka popanda nsalu ina.
3. Sitayilo inasokedwa ndi nsalu yamtundu wina. Diresi yomata thupi yopanda khwinya ndi limodzi lomwe nthawi zambiri imakhala ya nsalu yotamuka. Chitenje ndi thonje, sichitamuka. Apa telala sanalakwe posoka, analakwa posakuchenjezani.

Chizindikiro 4: makwinya

Apa ndiye pofunika kukhazikika, chifukwa makwinya ndi mboni yosalandira chiphuphu. Koma asanapereke umboni, patulani kaye awiri onama. Oyamba ndi a nsalu yosasita: amakhala timizere tosweka, tolowera uku ndi uku, paliponse. Achiwiri ndi obwera chifukwa wovalayo si saizi yanu. Diresi ikathina mtsikana wonenepa kukuposani sizikutanthauza kanthu. Muzipemphanso kuti muone kumbuyo, chifukwa pachidole diresi yaikulu imakokedwa n'kumangidwa ndi mapini kumsana kuti kutsogolo ioneke yokwana bwino. Zithunzi zambiri za masitayilo zomwe timasirira nazonso zinajambulidwa choncho.

Mukatsimikiza kuti wovala ali ndi miyeso yoyandikira yanu, kapena ndi inuyo mwavala ndipo mnzanu wakujambulani, werengani motere.

Mizere yopingasa, yokokeka ngati chingwe pachifuwa, pamimba kapena m'mahipi, ikutanthauza kuti pamenepo pathina. Choyambitsa chofala ndi chakuti telala wasoka ndendende pa muyeso wa thupi osasiya mpata wopumira. Nsalu yosatamuka imafuna mpata wa pafupifupi mainchesi 2 pachifuwa, inchi imodzi m'chiuno ndi mainchesi 2 m'mahipi, apo ayi simukhala pansi. Chachiwiri ndi miyeso yakale: munayesedwa muli kumudzi pa Khirisimasi, pano mwadya papa ndi nkhuku za ku Joni miyezi isanu ndi itatu. Chachitatu ndi lainingi yocheperapo kuposa diresi, yomwe imakoka kuchokera m'kati ngakhale chitenjecho chili chokwana. Chachinayi sichichitika kawirikawiri koma chikachitika chimapha diresi: tepi yolakwika. Pali matepi ena otchipa omwe mbali imodzi si mainchesi athu, ndi muyeso wachitchaina womwe gawo lililonse ndi masentimita 3.3 m'malo mwa 2.5. Mukadziyesa ndi imeneyo, chifuwa cha mainchesi 40 chimawerengeka 30 ndi theka. Tembenuzani tepi yanu, muone ngati 10 ya mbali ya mainchesi ikugwera pa 25 ndi kanthu mbali inayo.

Mikwingwirima yotsika kuchokera m'mwamba kupita pansi, nsalu ikudzipinda yokha, ndiye kuti pamenepo pakula. Musadandaule nazo, kubweza n'kosavuta.

Mizere yopendekeka imaloza komwe kuli vuto. Ikachoka m'mbali n'kumakathera pansonga ya bere, chifuwa chasowa malo, madati, timisoko topinda nsalu kuti bere lipeze malo, ndi osaya kapena ali polakwika. Dati labwino limaloza pansonga ya bere koma limathera inchi imodzi lisanafikepo. Likathera pamwamba kapena pansi kwambiri, mumaona kathumba kopanda kanthu pambali. Mizere ikachoka pakhosi kulowera m'khwapa, mapewa a diresi sanatsetsereke mofanana ndi anu.

Nsalu ikaunjikana kumsana, pamwamba pa matako, pali zifukwa ziwiri zomwe zimafanana pachithunzi koma mankhwala ake ndi osiyana. Mwina mahipi athina ndiye diresi ikukwera kufuna malo, mwina msana wa diresi ndi wautali kuposa wanu. Yang'anani chithunzi cha m'mbali. Msoko wa m'mbali ukakhotera kumbuyo pofika m'mahipi, ndi mahipi. Ukatsika mowongoka, ndi msana, ndipo telala ayenera kukweza msoko wa m'chiuno chakumbuyo. Amayi ambiri akwathu ali ndi mbina, ndipo telala wodula kutsogolo ndi kumbuyo mofanana amalakwitsa pomwepa nthawi zonse.

Khosi loyasama kutsogolo, loti mukawerama anthu aona zonse, kawirikawiri ndi loti linatamuka posoka kapena lilibe sitifu. Pachithunzi cha kutsogolo silioneka, limaoneka cha m'mbali.

Chizindikiro 5: patali ndi yokongola, pafupi ikukayikitsa

Kulitsani chithunzi, muyende nacho pang'onopang'ono malo awa.

Pazipi kumbuyo, maluwa a kumanzere akumane ndi a kumanja, ndipo msoko wa m'chiuno udutse zipi pamzere umodzi, osati mbali ina pamwamba ina pansi. Zipi yobisika isaonetse mano. Ikamachita mafunde ngati njoka, nsalu inakokedwa posoka kapena diresi yathina. Ikachita mafunde ili pahang'ala, ndi kasokedwe, ayichotse aikenso.

Maluwa akulu aone komwe agwera. Ndinaonapo diresi yosokedwa mwaluso ndithu, koma mawilo awiri a chitenje anakhala limodzi pabere lililonse, mwiniwake sanaivale ngakhale kamodzi. Onaninso ngati mbalame kapena nkhope za pansalu sizinazondoke pa chigawo china. Izi zimachitika telala akamapanikiza nsalu yochepa, ndipo sizikonzeka popanda kudula chigawo chatsopano.

M'kati, m'mphepete mwa nsalu mukhale mopita ovaloko kapena mobisika ndi lainingi. Lainingi isasuzumire pansi pa mpendero. Ndipo yang'anani chinthu chomwe ine ndimayamba nacho diresi ikafika pashopu: alawansi, nsalu yotsala kuseri kwa msoko wa m'mbali. Telala wosokera munthu amene ali kutali ayenera kusiya inchi imodzi. Pemphani aike tepi pamenepo ajambule.

Momwe tinachitira ndi diresi ina ya chinkhoswe

Mayi wina wokhala ku Rosettenville anaodetsa memeidi ya chitenje kwa telala wa ku Blantyre, yoti avale pachinkhoswe cha mng'ono wake kuno. Chithunzi chitafika anandiimbira mtima uli m'mwamba.

"Asisi, andiwonongera nsalu. Girini wanga uja wasanduka wakuda, ndiponso diresi yafupika."

"Mayi, musawakalipire kaye. Auzeni atulutse panja, aike pepala loyera, ndipo ayale tepi."

Zithunzi zachiwiri zitabwera, girini anali yemwe uja. Kutalika kunali mainchesi 58 monga anaodera. Chithunzi choyamba chija anajambula ataimirira pafupi, foni ili pa 0.5x. Madandaulo onse awiri anathera pomwepo. Koma tepi yoyalidwa kuchoka m'khwapa mpaka m'khwapa inkawerenga 20. Kuwirikiza kawiri ndi 40, ndipo chifuwa cha mayiyo ndi 40 ndendende. M'mahipi inkawerenga 22, kutanthauza 44, pomwe iwo ndi 44. Diresi yomwe pachidole inkaoneka yosalala bwino ikanafika kuno osatseka, kapena kutseka n'kuphulika pogwada pamaso pa ankhoswe.

Tinapempha chithunzi cha m'kati. Alawansi inali inchi imodzi mbali zonse. Msoko uliwonse wa m'mbali umagwira nsalu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo misokoyo ndi iwiri. Choncho kusuntha msoko ndi theka la inchi mbali iliyonse kumapereka theka kanayi, omwe ndi mainchesi 2. Chifuwa chinafika 42, mahipi 46, n'kutsalabe theka la inchi logwira msoko. Tinawakumbutsa a telala kuti amasulenso lainingi mofanana, ndipo asite pomwe panadutsa ulusi wakale kuti timabowo titsekeke. Titayesa ndi rula pafoni, fuleya inali pamalo pake. Mayiyo anatumiza balansi ataona tepi ikuwerenga 21 ndi 23, ndipo anapempha kuti zidutswa zotsala azikulungire limodzi ndi diresi.

Uthenga womwe anatumiza kwa telala unali wamanambala okhaokha: "A telala, zikomo ntchito ndaiona. Chonde pachifuwa pafike 21 ikagona patebulo, m'mahipi 23, lainingi chimodzimodzi." Mukalemba kuti "sinafanane ndi pachithunzi", mumangoyambitsa mkangano wa mavoisi noti, telala osadziwa pomwe agwire.

Pomwe muyenera kuima n'kupita kwa telala

Diresi ikafika kale kuno, kudula ulusi wolendewera, kusita, kapena kusokerera huku yomwe yathothoka mungathe nokha. Koma musakhudze lumo kapena kumasula msoko pa izi:

- Mapewa, khosi ndi pozungulira mkono. Mukasuntha chimodzi, zina zonse zimasuntha.
- Diresi yokhala ndi mabonzo m'kati ngati koseti, ya leisi, kapena yomatidwa mikanda.
- Satini ndi nsalu zina zoterera, chifukwa mabowo a singano satsekeka.
- Pofunika kuonjezera kuposa mainchesi 2, kapena alawansi ikakhala yosakwana theka la inchi. Apa pafunika kulowetsa chigawo cha nsalu m'mbali, kapena kuchotsa zipi n'kuika zingwe zomanga kumsana.
- Shweshwe yomwe sinachapidwe isanadulidwe. Imabwera yolimba ndi sitachi ndipo imabwerera ikachapidwa koyamba, choncho musaiviike mwambo usanachitike, ndipo muuzeni wokonzayo.

Lekaninso kuweruza ndi chithunzi ngati mwapempha kawiri zithunzi za tepi ndi za m'kati koma telala akungotumiza chomwe chija cha pachidole. Tumani m'bale amene ali pafupi apite ndi tepi yake, ayese malo atatu aja inu muli pafoni.

Popita kwa telala wa kuno, nyamulani bra ndi nsapato za tsikulo, chithunzi cha sitayilo, ndi zidutswa ngati zinabwera. Zikapanda kubwera, ku Oriental Plaza ku Fordsburg mungapeze nsalu yopanda maluwa ya mtundu woyandikira yoti ilowe m'mbali, koma chitenje chenichenicho musayembekezere kuchipeza. Ndipo bwerani kudakali masabata awiri, osati Lachisanu madzulo chinkhoswe chili Loweruka, chifukwa diresi yomasulidwa m'mbali imafuna kuti muiyese kawiri ndisanatseke lainingi.